Tsiku limodzi lomwe ndinkalitaya powerengera pro rata

Sabata ino pa phunziro la kawerengedwe ka malipiro tafika pa mawu omwe ndakhala ndikuwaona pa pepala la malipiro osawamvetsa bwino: pro rata. Mawuwa ndi a Chilatini, ndipo amatanthauza kugawa molingana ndi gawo la munthu. Ngati wagwira ntchito masiku ochepa chabe a mwezi, ulandira ndalama za masiku okhawo. Ngati walowa m'nyumba ya lendi mwezi uli pakati, ulipira za masiku omwe wakhalamo.

Tanthauzolo silinandivute. Chomwe chinandigwira ndi kuwerenga masiku.

Tiyerekeze munthu amene malipiro ake ndi 330,000 pa mwezi. Wayamba ntchito Lolemba pa 15 Juni, ndipo Juni ali ndi masiku 30. Tikagawa 330,000 ndi 30, tsiku limodzi likubwera 11,000. Ine ndinathamangira kuchotsa 15 pa 30, n'kupeza masiku 15, ndiye ndinalemba 165,000. Ndinalakwa. Pa 15 pomwepo munthuyo anali pa ntchito, choncho tsikulo liyenera kuwerengedwa. Kuyambira pa 15 mpaka pa 30 ndi masiku 16, ndipo malipiro ake ndi 176,000. Kuchotsera kokhako kunamulanda munthu 11,000, ndalama ya tsiku lathunthu lomwe anakhetsa thukuta. Zimenezi zinandikhudza, chifukwa wolandirayo nthawi zambiri sabwerezanso masamuwo, amangokhulupirira zomwe zalembedwa.

Koma nkhani siyithera pomwepo. Olemba ntchito ena sawerenga masiku onse a pa kalendala, amawerenga ogwira ntchito okha. Mu Juni wathu uja, poti pa 1 panali Lolemba, masiku a Lolemba mpaka Lachisanu alipo 22, ndipo tsiku limodzi likubwera 15,000. Kuyambira pa 15, munthuyo wagwira masabata awiri athunthu ndi masiku awiri, onse pamodzi 12. Malipiro ake tsopano ndi 180,000. Munthu yemweyo, mwezi womwewo, koma kusiyana kwa 4,000, ndipo palibe amene waba. Njira yotsatidwa ndi yomwe yalembedwa mu mgwirizano wa ntchito. Cholakwika chenicheni ndi kusakaniza njira ziwirizi, monga kugawa ndi 30 kenako n'kuchulukitsa ndi 12. Pamenepo pamatuluka 132,000 yokha, ndipo ukaona ndalama yatsika chonchi, yamba wafunsa nambala yomwe agawira.

Pa lendi nthawi zambiri amawerenga masiku onse a pa kalendala, poti m'nyumba umagonamo ngakhale Lamulungu. Chongoyenera kukumbukira n'chakuti tsiku la mu Febuluwale wa masiku 28 limadula kuposa la mu Malichi wa masiku 31, ngakhale lendi ya pa mwezi ili yomweyo.