Sabata ya gulukozi ku Ulongwe

Mayeso a bayoloje anali Lachisanu, ndiye Lolemba ndinangofikira pa bolodi. Selo ikakhala ndi okosijeni wokwanira imaphwanya gulukozi mpaka kutheratu. Ntchitoyi imayambira m'saitopulazimu n'kukathera m'mitokondiriya:

gulukozi + okosijeni → kaboni dayokosaidi + madzi + mphamvu

C6H12O6 + 6O2 → 6CO2 + 6H2O + mphamvu

Mabuku akale amati molekyu imodzi ya gulukozi imapereka mamolekyu 38 a ATP, omwe amanyamula mphamvu m'selo, atsopano amati pakati pa 30 ndi 32. Ana ndinawauza kuti alembe nambala ya m'buku lawo.

Lachiwiri tinayesa yisiti, kuti tione momwe gulukozi amaphwanyidwira popanda okosijeni. Ndinathira shuga, yisiti wa mandasi ndi madzi ofunda m'botolo, n'kuvundikira kukamwa ndi baluni. Botolo lina tinathiramo madzi owira. Popeza kuno ku Angoniya kumazizira m'mawa, mabotolo tinawaika padzuwa, ndipo isanathe piriyodi baluni yoyamba inali itafufuma. Inayo inangoti lende, chifukwa madzi owira anapha yisiti. Mpweya wa m'baluni titaudutsitsa m'madzi a laimu, madziwo anachita mbuu, umboni wakuti ndi kaboni dayokosaidi.

gulukozi → etanolo + kaboni dayokosaidi + mphamvu

C6H12O6 → 2C2H5OH + 2CO2 + mphamvu

Apa panalibe wovutika. Ambiri anaonapo masese akuwira mumbiya kwawo.

Vuto linabuka Lachitatu, titafika pa minofu ya munthu. Wopalasa njinga pachitunda atasenzetsa matumba a kachewere, magazi sakwanitsa kufikitsa okosijeni yense amene miyendo ikufuna, choncho minofu imawonjezera njira ina:

gulukozi → asidi wa lakitiki + mphamvu

C6H12O6 → 2C3H6O3 + mphamvu

Njirayi imangopereka ATP 2, monga ya yisiti, chifukwa mphamvu yambiri imatsalira m'asidimo. Koma m'makope ambiri ndinapeza ataphatikizapo CO2. Mtsikana wina anaimika mkono. “Aphunzitsi, nanga munthu akathamanga si amatulutsa mpweya wambiri? Ukuchokera kuti?”

Funso lanzeru, ndipo ndinalikonda kuposa kuloweza kwa enawo. Ndinati, “Bwera kuno, uwerenge makaboni.” Kumanzere anapeza 6. Kumanja, mamolekyu awiri a makaboni atatuatatu, 6 ndithu. Palibe kaboni wotsala woti n'kupanga CO2. Kwa yisiti n'kosiyana: ma etanolo awiri amatenga makaboni 4, ndiye 2 otsalawo amatuluka ngati mpweya. Umene wothamanga amatulutsa umachokera makamaka ku njira ya okosijeni ija, yomwe siima ayi. Akaima amapitiriza kupuma wefuwefu kuti abweze ngongole ya okosijeni, uku magazi akutengera asidi uja kuchiwindi, kumene amasandulikanso gulukozi.

Lachinayi lonse tinangowerenga maatomu mbali zonse ziwiri. Pochonga Loweruka, CO2 wa m'minofu ndinamupeza m'mapepala ochepa chabe. Amene anandidyera mamalikisi ndi oiwala 6 patsogolo pa O2, zomwe zimasiya maokosijeni 8 kumanzere pamene kumanja alipo 18.