Mabulangete m'mwezi wa Okutobala ku Nchalo

Tsiku limene ndinakagula mabulangete asanu ndi limodzi pa kaunjika, mayi wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Bambo, kutentha konseku, kapena muli ndi wodwala malungo kunyumba?” Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kuno ku Chigwa cha Shire munthu amagona panja pa mkeka chifukwa m'nyumba simukhalika. Ndinawauza kuti ndikukafunditsa makoma. Anaseka, koma mtengo anatsitsa, poti panalibe wina wowafuna.

Ine ndi mng'ono wanga timajambula mawu. Timapanga malonda a pa wailesi, mauthenga a ukwati ndi a mipingo, komanso mawu amene anyamata amazungulira nawo pa njinga ndi chimkuzamawu tsiku la msika, m'Chichewa ndi m'Chisena. Tinayamba ndi laputopu yakale, pulogalamu yaulere ya Audacity, maikolofoni imodzi ndi kachipinda ka lendi kuseri kwa golosale. Kachipindako ndi ka mamita 3 mulitali ndi mamita 3 mulifupi, pansi simenti, makoma a pulasitala, pamwamba malata opanda siling'i.

Ntchito yathu yoyamba yolipidwa inabwezedwa. Anali malonda a mayi wina wogulitsa mpunga ndi phala la ana, ndipo a ku wailesi anati mawu akumveka ngati munthu akuyankhulira m'mbiya. Ine ndinaloza chala maikolofoni, n'kuyamba kuwerengera ndalama zogulira ina. Mng'ono wanga sanayankhe. Anangoima pakati pa chipinda n'kuomba m'manja kamodzi. Pambuyo pa kuombako tinamva kamawu kena konjenjemera, kolira ngati chitsulo. “Achimwene, mwamva? Chikuyankhula ndi chipinda.”

Mawu akachoka pakamwa amathamanga mamita oposa 340 pa sekondi imodzi. M'kachipinda ngati kathu amagunda khoma, kubwerera, kugundanso lina, kambirimbiri munthu asanatseke n'komwe pakamwa. Khutu limazolowera, koma maikolofoni imatola zonse: mawu ochokera pakamwa ndi mawu obwerera kuchokera ku makoma. Ntchito yonse yagona pa kukweza oyambawo ndi kufooketsa achiwiriwo.

Tinayamba ndi chinthu chosalira ndalama. Pojambula malonda aja, maikolofoni inali patebulo, pafupifupi masentimita 60 kuchokera pakamwa pa mayiwo, chifukwa ankaiopa ndipo ankatsamira kumbuyo. Lamulo lake ndi lakuti ukadula mtunda pakati, mawu ochokera pakamwa amakwera ndi madesibelo pafupifupi 6, desibelo pokhala muyeso wa kukwera kwa mawu, pamene mawu ozungulira m'chipinda amakhala momwemo. Kuchoka pa 60 kufika pa 30 tinapindula 6, kuchoka pa 30 kufika pa 15 tinapindula 6 ena. Kenako tinatsitsa mphamvu yojambulira kuti mawu akakwera kwambiri azifika pakati pa madesibelo -12 ndi -6 pa mita ya Audacity, ndipo phokoso la chipinda linatsikira limodzi. Lero wobwera aliyense timamuuza kuti atambasule dzanja, chala chachikulu pachibwano, chala chaching'ono chiloze maikolofoni. Mtunda wake ndi umenewo, kapena kucheperapo pang'ono.

Kuyandikira kuli ndi mavuto ake. Titafika pa masentimita 5, mawu a mng'ono wanga ananenepa, anthu osamva bwino zimene akunena. Maikolofoni yathu ndi ya mtundu womva kutsogolo kwambiri, m'mbali pang'ono, kumbuyo pafupifupi ayi, ndipo mtundu umenewu umakuza mawu a besi ukauyandikira mopitirira. Vuto lina ndi chiyankhulo chathu chomwe. Ikani chikhatho patsogolo pa milomo munene kuti “phala”, “mphasa”, “phukusi”, mumva kamphepo kakuombani. Kamphepo kameneko kakalowa m'maikolofoni kamamveka ngati wina wamenya ng'oma. Tinapinda waya wa hang'ala kukhala mkombero, tinakokapo nsalu ya sokosi yopyapyala ya nayiloni, n'kuuika pakati pa kamwa ndi maikolofoni. Tinasunthiranso maikolofoni pambali pang'ono, iziyang'anabe pakamwa koma mpweya uzidutsa pambali pake. Phala la mayi uja linasiya kuphulika.

Pa mabulangete ndinalakwitsa poyamba. Ndinawakhomera pa khoma loyang'anizana ndi woyankhula, poganiza kuti mawu akupita kumeneko. Kusintha kunalipo koma kochepa. Chifukwa chake n'chakuti khoma limenelo lili kumbuyo kwa maikolofoni, kumene siimva kwenikweni. Kumene imayang'ana ndi kumaso kwa munthu ndi khoma lili kumsana kwake. Mawu obwerera kuchokera kumeneko amadutsa pamapewa n'kulowa molunjika. Titasamutsira mabulangete awiri, ophatikiza, kumsana kwa woyankhula, tinayang'anana mahedifoni ali m'makutu. Awiri ena tinapachika kumanja ndi kumanzere, limodzi kutsogolo, lotsala tinalitambasula pamwamba ngati denga. Pansi tinayala mkeka ndi chiguduli, patebulo tinayala thawulo, chifukwa thabwa nalo limabweza mawu.

Musakhomere bulangete pakhoma ngati chithunzi. Ife tinamanga nsungwi zopingasa n'kuwapachika masentimita 10 kuchoka pakhoma, ali ndi makwinya ngati katani. Pafupi penipeni ndi khoma mpweya sugwedezeka kwambiri, choncho nsalu yomatirira pamenepo imagwira mawu opyapyala okha. Mpata uja umathandiza kuti igwirenso mawu apakati, kumene kuli mphamvu yambiri ya mawu a munthu, ndipo mawu amadutsa m'nsalumo kawiri, popita ndi pobwerera. Poyesa bulangete pa kaunjika, ndimalikweza kudzuwa. Likaonetsa kuwala ndimalisiya. Mathireyi a mazira amene anzathu ena amamata m'makoma tinawayesanso, ndipo anangotibweretsera mphemvu.

Malo oima nawo tinachita kuwafufuza. Pakona mawu a besi amaunjikana. Pakati penipeni pa chipinda chofanana mbali zonse ngati chathu, mawu ena a besi amasowa, ena amakula, ndipo munthu amamveka mosiyana akangosuntha phazi. Mng'ono wanga ankayenda akuwerenga chiganizo chimodzimodzi, ine ndikumvetsera, mpaka tinapeza malo pafupifupi mita imodzi kuchoka ku khoma lakumbuyo, chakumbali pang'ono. Tinalembapo ndi penti pasimenti.

Bulangete silitseka phokoso lakunja. Mathirakitala onyamula nzimbe akamadutsa, kapena chigayo cha pafupi chikalira, timangoima kudikira. Masana malata amathetheka ndi dzuwa, ndipo fani iyenera kuzimitsidwa pojambula. M'kati mwa mabulangete asanu ndi limodzi, kunja kukutentha madigiri 40, munthu sapirira nthawi yaitali. Timajambula mphindi zisanu, kutsegula chitseko, kumwa madzi, kubwereranso. Ntchito zazitali timaziika usiku chigayo chikatseka, ngakhale m'dzinja achule amatilanda nthawi imeneyonso. Tisanayambe timajambula masekondi 10 aliyense ali chete, n'kumvetsera mokweza. Firiji ya m'golosale tinaigwira choncho, ndipo mwini wake amatizimitsira tikamupempha.

Mayi wa phala uja anabweranso kudzajambula kachiwiri, osalipira china. Atalowa m'mabulangete anaima kaye, n'kunena kuti, “Ana inu, mukufuna kundiphika?” Anawerenga katatu, thukuta lili kamukamu, dzanja lotambasula pachibwano monga tinawauzira. Tinasankha kachitatu, ndipo a ku wailesi anaulutsa Loweruka lomwelo.