Memo yofotokozera bodi kuti tadya kupyola bajeti: mmene ndinadutsiramo

Bodi yavomera, ndipo tsopano ndikugona tulo. Komabe mtima sunatsike kwenikweni ndi zimene ndinakumana nazo ku ofesi ya akaunti, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale, mwina zingathandize mnzanga amene wangouzidwa kuti alembere bodi chifukwa chake dipatimenti yake yagwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene inapatsidwa.

Ine ndimayang'anira dipatimenti ya magalimoto ndi kukonza zinthu. Bajeti yathu ya chaka chonse inali 240 miliyoni, kutanthauza kuti pofika kumapeto kwa mwezi wa 9 tinayenera kukhala titagwiritsa ntchito 180. Lipoti limene linafika patebulo la bwana wamkulu linkati 213. Anandiitana n'kunena mawu ochepa chabe: "Bodi ikufuna kudziwa za 33 miliyoni imeneyi, ndiponso kumene ichokere. Lembani."

Choyamba ndipo chachikulu, musalembe chiganizo ngakhale chimodzi musanatenge nambala ya mwezi wotsekedwa, yosainidwa ndi mkulu wa zachuma, yokhala ndi deti. Ndikunena izi ndi mkwiyo. Nthawi iliyonse ndikapita ku akaunti kukapempha leja ya dipatimenti yanga, mndandanda wa ndalama zonse zimene zalembedwa kuti tagwiritsa ntchito, ankandipatsa pepala la nambala ina. Mwezi unali usanatsekedwe, ndiye ankapitiriza kulowetsa mainvoisi akale pamizere yanga osandiuza. Ndinkalemba ndime yonse kufotokoza nambala imene mawa lake inali kulibe. Nditafunsa, mnyamata wa pawindo anangoti, "Bwana, sisitimu ndi imene ikutero." Sisitimu siilowetsa yokha invoisi, pali munthu amene amailowetsa.

Nditapeza leja yotsekedwa ndinakhala nayo pansi ndi pensulo, mzere ndi mzere, ndikuyerekeza ndi makope a maoda amene timasunga kwathu. Apa mpamene ndinaona kuti 33 ija sinali chinthu chimodzi. Munali zinthu za mitundu yosiyana, ndipo bodi imaziona mosiyana, choncho kuziphatikiza m'thumba limodzi n'kudzipachika wekha.

Munali 6 miliyoni yosindikizira mabuku a maphunziro a antchito. Ife sitisindikiza mabuku. Inali invoisi ya dipatimenti ina, munthu anangolakwitsa nambala ya mzere poilowetsa. Kukonza kwake n'kosavuta, amalemba jeno, chikalata chochotsa ndalamayo kwa ine kuiika kwa eni ake. Koma jenoyo inandidyera tsiku lathunthu limene sindidzaliiwala. Wolemba anali atalemba, woona anali ataona, koma wovomereza ankati sangasaine mpaka mkulu wa dipatimenti inayo avomere kuti invoisiyo ndi yakedi, pamene dzina la dipatimenti yake linali lolembedwa poyera pamwamba pa pepalalo. Mkuluyo anali ku msonkhano. Ndinakhala pabenchi la pakhonde, fayilo ili pamiyendo, ndikuyang'ana chitseko chotseka, kwinaku mlembi wa bodi akundiimbira kuti mapepala onse akufunika atumizidwe kwa mamembala nthawi isanakwane. Kulakwitsa kunali kwa iwo, koma woyendayenda ndi fayilo ndinali ine.

Ndiyeno munali 8 miliyoni ya inshuwalansi ya magalimoto. Inshuwalansi yathu ya chaka ndi 32 miliyoni ndipo timalipira kamodzi kumayambiriro. Koma pokonza bajeti anaigawa mofanana miyezi 12, ndiye pamwezi wa 9 bajeti inkasonyeza 24 pamene ife tinali titalipira kale 32. Uku sikudya mopyola, ndi nkhani ya nthawi basi, ndipo chaka chikamatha kusiyanako kumafika pa ziro pakokha. Njira yodziwira ndi kudzifunsa kuti, ndikapanda kuchita chilichonse, kodi kusiyanaku kudzakhalapobe mwezi wa 12? Ngati yankho ndi ayi, kulembeni pandime yakeyake, ndipo musapemphe ndalama zokukwirira.

Zotsala zinali 19 miliyoni, ndipo izi zinali zenizeni. 6 inapita pa jenereta imene injini yake inagwira, ntchito yongochitika kamodzi, ndipo ndinamatapo lipoti la makaniko. 13 inali ya mafuta, ndipo apa mpamene ndinathera nthawi yaitali, chifukwa mawu akuti "mafuta anakwera" bodi siikhutira nawo. Pamakhala membala mmodzi amene amafunsa ngati anakwera ndi mafutawo kapena maulendo anu. Mzere wa mafuta pamiyezi 9 unali 50 miliyoni, ife tinagwiritsa 63. Ndinatenga mabuku a maulendo a galimoto iliyonse n'kuwerengera malita. Malita anaposa amene tinakonza ndi 5 peresenti, zomwe pamtengo wakale zikanatifikitsa pa 52.5. Mtengo wa lita unali utakwera ndi 20 peresenti kuyerekeza ndi umene tinakonzera bajeti, ndipo 20 peresenti ya 52.5 ndi 10.5. Choncho 2.5 inachokera ku kuyenda kwambiri, 10.5 inachokera ku mtengo. Ndinazilemba momwemo, ndipo za 2.5 ndinatchula maulendo ake. Gawo limene linali m'manja mwanu lilembeni poyera, chifukwa akaliona ndi pamene amakhulupirira gawo limene silinali m'manja mwanu.

Ndinatsala pang'ono kuiwala za maoda. Leja imangoonetsa zimene zalowetsedwa. Katundu amene mwaitanitsa koma invoisi yake sinafike samaonekamo, chonsecho ndalamayo mwailonjeza kale. Ine ndinali ndi oda ya matayala ya 4 miliyoni, pamzere umene unali utatha kale. A akaunti sanandikumbutse, ndinaipeza ndekha mubuku lathu la maoda. Pemphani mndandanda wa maoda onse amene sanalipiridwe, pamodzi ndi leja yotsekedwa ija, yosainidwa, ya deti.

Bodi sifuna kudziwa za dzulo zokha, imafuna kudziwa kuti chaka chidzatha bwanji. Mtengo wa mafuta sunatsike, ndiye miyezi 3 yotsalayo inayenera kuwonjezera pafupifupi 4 miliyoni ina. Kuphatikiza 19, 4 ya matayala ndi 4 ya mafuta, nambala imene ndinaika pamwamba pa memo inali 27 miliyoni, kupitirira pang'ono 11 peresenti ya bajeti ya chaka. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndingolemba 19 kuti isaoneke yoopsa. Ndinakana. Kubwereranso ku bodi yomweyo patatha miyezi itatu kukapempha zina n'kowawa kuposa kunena zonse kamodzi.

Tsopano za kokwirira. Apa werengani malamulo a zachuma a bungwe lanu musanalonjeze kanthu, chifukwa amasiyana. Kwathu bwana wamkulu angavomereze kusamutsa ndalama kuchoka pamzere wina kupita pa wina mpaka 5 peresenti, kupyola apo ndi bodi, ndipo chilichonse chochoka pamzere wa malipiro chimayenera kudutsa ku bodi ngakhale chikhale chochepa. Tinali ndi mipando iwiri ya madalaivala imene sinalembedwe anthu, ndipo ndalama zake zosagwiritsidwa ntchito zinali 9 miliyoni. A zolemba antchito anandipatsa kalata yotsimikiza kuti palibe amene alembedwe chaka chisanathe, apo ayi ndalamayo ikanawerengedwa kawiri. 5 miliyoni inachokera pa kuimitsa kupenta nyumba yokonzeramo magalimoto, ndipo ndinalemba momveka kuti kumeneku sikupulumutsa ndalama koma kukankhira ntchito kuchaka chamawa, kumene idzafunike m'bajeti. 3 miliyoni inali ya maulendo amene magalimoto athu anayendera ntchito za pulojekiti ina yoyendetsedwa ndi ndalama za wopereka thandizo, ndipo mgwirizano wake umalola kubweza ndalama za mafuta pakakhala umboni wa m'buku la maulendo. 10 yotsalayo ndinapempha kuchokera ku thumba losungira zadzidzidzi, limene bodi yokha ndi imene ingatsegule.

Pankhani ya pulojekitiyi mpamene a akaunti anandikwiyitsanso. Mmodzi mwa iwo anandinong'oneza kuti mu akaunti ya pulojekiti muli ndalama zambiri zongokhala, bwanji osangobwerekako 10 yonseyo n'kudzabweza. Ndalama zimene wopereka anazimangirira pantchito inayake sizikwirira dzenje la dipatimenti. Maodita akazipeza amati zibwezedwe, ndipo siginecha imene idzakhale pamenepo ndi yanu. Zinandiwawa kuti malangizo otere akuchokera mu ofesi imene inandiimika tsiku lonse chifukwa cha jeno ya 6 miliyoni.

Memo yeniyeniyo inali masamba awiri. Ndime yoyamba inanena zonse: tidzapyola ndi 27 miliyoni pofika kumapeto kwa chaka, zifukwa ndi mafuta, jenereta ndi matayala, ndipo tikupempha bodi ivomereze kusamutsa 9 kuchoka ku malipiro ndi kutulutsa 10 m'thumba la zadzidzidzi. Kenako kagome kamodzi koonetsa mmene 33 ya mulipoti inasandukira 27, chifukwa mamembala anali ataiona kale 33 ija ndipo akanaifunafuna. Mawu a chigamulo ndinawalemba ndekha kumapeto m'njira yoti mlembi angowakopera m'maminitsi, ndi ndalama zake ndi mizere yake. Zina zonse, leja, lipoti la makaniko, kuwerengera kwa malita, zinapita kumbuyo ngati zomata. Pagawo la zimene tisinthe ndinapewa mawu ngati "tidzasamala kwambiri". Ndinalemba kuti oda iliyonse iziyamba yaonedwa ngati mzere wake uli ndi ndalama, kuti lipoti la malita lizipita kwa mkulu wa zachuma mwezi uliwonse, ndipo ndinatchula udindo wa munthu amene azichita chilichonse.

Pitani kwa wapampando wa komiti ya zachuma msonkhano usanachitike. Ine ndinawaonetsa memo isanatumizidwe, ndipo anandifunsa funso limene ndinalibe yankho lake papepala: "Mukatenga 10 imeneyi, m'thumbamo mutsala zingati, ndipo mudzabweza liti?" Ndinabwereranso ku akaunti kukafuna nambalayo, ndipo ulendo uno sindinachoke pawindo mpaka mkulu wa zachuma atasaina ndi kulemba deti. Ndinawonjezera mzere woti ndalamayo idzabwezedwe kuchokera m'bajeti za zaka ziwiri zotsatira.

Mumsonkhano mafunso ambiri anali pa 2.5 miliyoni ya maulendo owonjezera, osati pa 10.5 ya mtengo. Mayi wina anafuna kudziwa amene amavomereza maulendo a Loweruka ndi Lamlungu, ndipo ndinali ndi mafomu ake m'fayilo. Bodi inavomereza zonse ziwiri zimene ndinapempha, n'kulamula kuti ndibweretse lipoti lina pamsonkhano wotsatira loonetsa ngati 27 ija ikugwirabe. Leja ya mwezi wa 10 ndaipempha kale, ndipo ndawauza a akaunti kuti asandipatse isanatsekedwe.