Fayilo ya chigayo chomwe chidapsa

Lolemba m'mawa pa tebulo lathu loona malipiro a inshuwalansi panafika fayilo ya chigayo china cha pa tauni yaing'ono. Moto udayambira m'bokosi la magetsi loyatsira makina, n'kutentha mota, mawaya ndi malamba, anthu asanauzimitse ndi mchenga. Mwini chigayo adabweretsa kotesheni ya K14,000,000. Makina ake adawainshuwa pa K24,000,000, choncho iye ankaona kuti nkhani ndi yosavuta: zomwe wataya n'zochepa kuposa zomwe adainshuwa, ampatse zonse. Pepala la malipiro lomwe lidakonzedwa poyamba linkati alandire K3,600,000. Ntchito yathu ndi kuona ngati ndalama imeneyo ndi yoona isanachoke kubanki.

Tsiku loyamba sitigwira kakyuleta. Timawerenga mgwirizano wa inshuwalansi, makamaka tsamba lomwe limatchula katundu, ndalama yomwe adainshuwa ndi ekisesi, gawo lomwe mwini katundu amasenza yekha pa ngozi. Timaonanso kuti pulimiyamu, ndalama yomwe mwini katundu amalipira kampani ya inshuwalansi, idalipidwa, kuti tsiku la moto lili mkati mwa chaka cha mgwirizano, ndi kuti lipoti la apolisi likugwirizana ndi zomwe asesa, katswiri woyeza mtengo wa zomwe zaonongeka, adapeza pamalopo. Zonsezi zinali bwino. Funso lomwe limalamulira masamu onse ndi ili: kodi kampani idalonjeza kubweza chatsopano m'malo mwa chakale, kapena idalonjeza kubwezera munthu pomwe anali moto usanabuke? Mgwirizano wa chigayochi unali wa mtundu wachiwiriwu. Ndiye kuti mota ya zaka 6 ilipidwa ngati mota ya zaka 6, ndipo kutha kwa katundu kuyenera kuchotsedwa. Munalinso ndime ya avareji, yodula malipiro ngati munthu adainshuwa katundu pa ndalama yochepera mtengo wake, komanso ekisesi ya 10 peresenti ya ndalama yomwe yatsala masamu ena onse atachitika, koma yosachepera K500,000.

Lachiwiri lidathera pa kutha kwa katundu, ndipo apa m'pomwe cholakwika choyamba chidaonekera. Yemwe adakonza pepala loyamba adatenga K14,000,000 yonse n'kuchotsa 40 peresenti kamodzi, kutsala K8,400,000. Kuwerenga kotere kumafulumira, koma kumaika zinthu zosiyana msinkhu m'thumba limodzi. Kotesheniyo inali ndi mizere 4, ndipo mzere uliwonse uli ndi moyo wakewake.

Mota yatsopano inali pa K9,000,000. Asesa adaipatsa moyo wa zaka 15, ndipo kachitsulo kokhomedwa pambali pake pamodzi ndi risiti zinkasonyeza kuti yagwira ntchito zaka 6. Zaka 6 mwa 15 ndi 40 peresenti, yomwe ndi K3,600,000, kutsala K5,400,000. Pamenepo panalibe mkangano. Koma bokosi loyatsira, la K3,000,000, silinali lobwera ndi chigayo. Mufayilo momwemo, kuseri kwa zithunzi, munali risiti yopindika pakati, ya mafuta m'mphepete, yosonyeza kuti mwiniwake adagula bokosi latsopano zaka 2 zapitazo. Pa moyo wa zaka 10, kutha kwake ndi 20 peresenti yokha, kutsala K2,400,000. Mawaya ndi malamba, a K1,200,000, asesa adaaona kuti adatha ndi theka, kutsala K600,000. Apa kuwerenga kwatsopano kudamudula mwini chigayo kuposa koyamba, ndipo tidalemba momwemo, chifukwa ntchito yoona malipiro siyopendekera mbali imodzi. Mzere womaliza unali K800,000 ya amisiri omanga ndi kulumikiza. Ntchito ya manja siitha ngati chitsulo. Mmisiri salipiritsa zochepa chifukwa mota yomwe idapsa inali yakale, ndipo mumgwirizanowu munalibe mawu olola kudula pamenepo, choncho K800,000 idalowa yonse.

Zinayizo pamodzi zidakwana K9,200,000. Mwini chigayo adasankha kusunga mota yopsayo, yomwe ogula zitsulo amaifuna chifukwa cha kopa wa mkati, ndipo asesa adaiika pa K200,000. Titachotsa imeneyo, chomwe adataya kwenikweni chidakhala K9,000,000.

Lachitatu ndi tsiku lomwe fayiloyi idatembenuka. Anthu ambiri amaganiza kuti ndalama yomwe adainshuwa ndi lonjezo la zomwe adzalandire. Imeneyo ndi denga chabe, malire omwe kampani singapitirire. Komanso ndi muyeso woonera ngati munthu ankalipira pulimiyamu pa katundu wake yense kapena pa gawo lokha. Ndime ya avareji imati ngati katundu ali ndi mtengo woposa womwe adainshuwa, mwiniwake amatengedwa kuti gawo lotsalalo adadzisenzera yekha, ndipo pa ngozi iliyonse, ngakhale yaing'ono, amalandira molingana ndi gawo lomwe adainshuwa. Masamu ake ndi kutenga zomwe wataya, kuchulukitsa ndi ndalama yomwe adainshuwa, n'kugawa ndi mtengo wa katundu yense pa tsiku la ngozi.

Mawu akuti katundu yense ndi ofunika. Sitiyang'ana zomwe zapsa zokha. Chigayo chogaya, chokonola, sikelo ndi mota yachiwiri sizidakhudzidwe ndi moto, koma zonse zili pansi pa K24,000,000 yomweyo, ndiye ziyenera kuwerengedwa. Ndalama imeneyo idaikidwa mu 2022 ndipo chaka ndi chaka ankangoibwereza osaisintha. Pakati apa kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makina otere, omwe ambiri amachokera kunja, adakwera mtengo pomwepo. Mafayilo ambiri omwe amatipweteka mtima amayambira apa. Munthu salakwa dala ayi. Amangolandira kalata yokumbutsa kuti chaka chatha, n'kulipira pulimiyamu yomwe adazolowera, osadziwa kuti ambulera yake yachepa pomwe katundu wakula mtengo.

Tsono mtengo wa katundu yense ndi uti? Lipoti la asesa linali ndi manambala awiri. Kugula makina onse atsopano kungadye K48,000,000. Makina omwewo monga momwe analili tsiku la moto, atawerengedwa chimodzichimodzi ndi kutha kwake, anali K30,000,000. Pepala loyamba lidatenga K48,000,000, n'kupeza kuti mwini chigayo adainshuwa theka lokha. Kumeneko n'kumenya munthu kawiri ndi ndodo imodzi. Zomwe wataya mwazitsitsa ponena kuti n'zakale, kenaka poyeza ngati adainshuwa mokwanira mukumuyeza ndi mtengo wa zatsopano. Muyeso uyenera kukhala umodzi pamwamba ndi pansi. Ngati mgwirizano ukulipira chatsopano m'malo mwa chakale, palibe kuchotsa kutha ndipo avareji imayezedwa ndi mtengo wa zatsopano. Ngati ukulipira mtengo wa chakale, monga uwu, avareji imayezedwa ndi mtengo wa zakale. Choncho K24,000,000 igawidwe ndi K30,000,000, zomwe zikupereka magawo 8 mwa 10. Magawo 8 mwa 10 a K9,000,000 ndi K7,200,000. K1,800,000 yomwe yagwa apa ndi yoona, ndipo palibe njira yachilungamo yoibwezera. Imeneyo ndi mtengo wa kusakweza ndalama yoinshuwa.

Njira yosavuta yogwirira cholakwika ichi ndi kuyang'ana ngati peresenti ya kutha ikuoneka pamwamba pa pepala, kenaka n'kufunsa kuti nambala yogawira ili m'munsi idachokera pa mzere uti wa lipoti la asesa. Ikachokera pa makotesheni a zatsopano, fayiloyo ibwerere.

Lachinayi linali la ekisesi, ndalama yomwe mwini katundu amasenza yekha pa ngozi iliyonse. 10 peresenti ya K7,200,000 ndi K720,000, yomwe ikuposa malire a pansi a K500,000, ndiye ndiyo ichotsedwe. Zotsala ndi K6,480,000. Pa pepala loyamba zidayenda mwina: K8,400,000 kuchotsa K200,000 ya mota yopsa, theka lake K4,100,000, ndipo poti 10 peresenti yake inali K410,000 yokha, malire a pansi ndiwo adagwira, n'kutsala K3,600,000 ija. Kusiyana kwa mapepala awiriwa ndi K2,880,000, ndalama yongotsala pang'ono kukwana bokosi loyatsira latsopano.

Mnzathu wina mu ofesi adafunsa ngati ekisesi ichotsedwe avareji isanachitike kapena itachitika. Pa fayiloyi zikanafanana, chifukwa maperesenti awiri amapereka yankho limodzi ngakhale mutawasinthanitsa. Koma ekisesi ikakhala ndalama yokhazikika, dongosolo limasintha malipiro. Mukachotsa K500,000 pa K9,000,000 poyamba, kenaka n'kutenga magawo 8 mwa 10, mupeza K6,800,000. Mukayamba ndi avareji n'kumalizira ndi ekisesi, mupeza K6,700,000. Kawirikawiri ekisesi imabwera pamapeto, koma chomwe chimaweruza ndi mawu a mgwirizanowo, ndipo uwu unkanena momveka kuti ichotsedwe avareji itachitika. Tidaonanso kuti ekisesi yachotsedwa kamodzi. Moto unali umodzi, ndipo kudula ekisesi pa mota payokha ndi pa bokosi payokha ndi cholakwika china chomwe chimabisala m'mapepala okhala ndi mizere yambiri.

Lachisanu mwini chigayo adabwera ndi bulooka wake, mkhalapakati wa iye ndi kampani. Tidamuikira pepala limodzi lokha, lotsika ngati masitepe: K14,000,000 ya kotesheni, K9,200,000 kutha kutachotsedwa, K9,000,000 atasunga mota yopsa, K7,200,000 avareji itadutsa, K6,480,000 ya m'manja. Adatsata ndi chala mzere ndi mzere, n'kuima pa wa avareji.

"Koma abwana, ine ndidainshuwa 24 miliyoni, ndipo zapsa sizikufika ngakhale pamenepo," adatero.

"Zoona, bambo," ndidawayankha. "Koma makina anu onse tsiku lija anali a 30 miliyoni. Pa makwacha 10 aliwonse, kampani idasenza 8, inu mudasenza 2. Moto sudasankhe kuti upsetse mbali ya kampani yokha."

Adakhala chete, kenaka adafunsa ngati angakane. Tidawauza kuti angathe: asasaine fomu yovomereza malipiro ngati sakukhutira, chifukwa fomuyo imati nkhani yatha. Angabweretse umboni wina wa mitengo kuti asesa aonenso K30,000,000 ija, ndipo dandaulo likapanda kumveka kukampani, ofesi ya Mlembi wa Mabungwe a Zachuma ku Banki Yaikulu ya Malawi imalandira madandaulo okhudza makampani a inshuwalansi. Adati akaganize kumapeto kwa sabata.

Asanatuluke tidawasonyeza ndime ina yomwe anthu ambiri amaiona mochedwa. Mu mgwirizano wao, ndalama yoinshuwa imatsika ndi zomwe zalipidwa mpaka chaka chithe. Akalandira K6,480,000, pa K24,000,000 patsala K17,520,000 yokha, pomwe mota yatsopano ikukweza mtengo wa makina onse. Bulooka adatenga cholembera n'kulemba kuti Lolemba apemphe mtengo wa pulimiyamu yobwezeretsa ndalamayo, ndiponso kuti asesa akawerengenso makina onse mota ikangomangidwa.