Sabata yachitatu: ndasiya kukokota, ndatenga kiyi

Kapulogalamu kanga kamangochita chinthu chimodzi. Usiku uliwonse kamayendera maakaunti 120 a GitHub a anzathu olemba mapulogalamu kuno ku Lusaka, n'kundilembera amene atulutsa ntchito yatsopano. Poyamba kankakokota masamba: kutsitsa HTML yonse n'kusakamo dzina la ntchito ndi tsiku. Lachiwiri ndinapeza ndandanda yopanda kanthu, koma kapulogalamuko osadandaula n'komwe. Yankho linali 200, tsamba linabwera bwinobwino, kungoti kachizindikiro kamene ndinkadalira kanali katasintha. Wolakwa ndi ine. Tsamba amalikonzera maso a munthu, ndipo palibe anandilonjeza kuti lidzakhala momwemo mpaka kale.

Ndiye ndasamukira ku API ya GitHub, khomo lokonzera mapulogalamu, imene imabweza JSON yokhala ndi mayina okhazikika ngati `name` ndi `pushed_at`. Bandulo nayonso yapumako, chifukwa sindikutsitsanso zokongoletsa.

Usiku woyamba ndinayesa popanda kiyi, mawu achinsinsi ouza GitHub kuti wopempha ndi ndani. Ndinkadziwa kuti wopanda kiyi amaloledwa mapempho 60 pa ola, choncho ndinati ndigawa ntchito pawiri. Koma kanaima pa akaunti ya 23 ndi yankho lokana la 403. Apa ndiye ndinakanda mutu, mpaka mnzanga wa ku Chilenje atandifunsa pa foni kuti, “Achimwene, intaneti mukutenga pati?” Ndinali nditalumikiza laputopu ku foni. Mapempho 60 aja sawerengedwa pa munthu, amawerengedwa pa adiresi ya IP, ndipo pa netiweki ya mafoni anthu ambiri amatulukira pa adiresi imodzi. Mbale ija tinkadyera limodzi ndi anthu osawadziwa.

Ndi kiyi, kuwerenga kumakhala pa akaunti yako, ndipo malire ndi 5,000 pa ola. Ndinapanga kiyi yotchedwa tokeni, yongowerenga zinthu zapoyera, yokhala ndi tsiku lothera. Ili mu `.env`, ndipo dzina la failo imeneyo ndinalilemba mu `.gitignore` ndisanachite china chilichonse, chifukwa ndimadzidziwa ndikakhala ndi tulo.

```
curl -sI -H "Authorization: Bearer $GITHUB_TOKEN" \
  "https://api.github.com/users/octocat/repos?per_page=100"
```

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi mizere imene imabwera pamwamba pa yankho lililonse. `x-ratelimit-limit` ikuuza malire ako, ndipo ndi njira yachangu yodziwira ngati kiyi yagwira: ukaona 60, ndiye kuti sinagwire. Zinandichitikira nditatsegula zenera lina n'kuiwala kulowetsamo `.env`. `x-ratelimit-remaining` ndi mapempho otsala. Koma `x-ratelimit-reset` inandipusitsa. Ndinkaiyesa masekondi oti ndidikire, pamene ndi nthawi yeniyeni imene mbale idzadzazidwenso, yowerengedwa m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Nambala yake ndi ya manambala 10, ndiye kapulogalamu kanga kanakonzeka kugona zaka zoposa 50. Chofunika ndi kuchotserapo nthawi ya panopa:

```python
reset = int(r.headers["x-ratelimit-reset"])
time.sleep(max(reset - time.time(), 0) + 5)
```

Masekondi 5 owonjezerawo ndi a wotchi ya laputopu, imene ikhoza kutsogola pang'ono. Kusiyana kwa maola 2 pakati pa nthawi ya Zambia ndi UTC sikulowa m'masamu amenewa, musakuwonjezerepo.

Tsono 403 si nthawi zonse imatanthauza kuti mapempho atha. Ndimayamba ndaona otsala. Ngati ndi 0, ndidikira mpaka nthawi ija. Ngati alipo koma pali mzere wa `retry-after`, ndiye kuti ndathamangitsa mapempho mothinana, ndipo nambala iyi yokha ndiyo masekondi odikira. Ngati zonsezi palibe, ndimawerenga uthenga wa m'yankhomo ndisanabwereze, chifukwa mwina kiyi ilibe chilolezo, ndipo kugogodabe pamenepo n'kutaya nthawi. 429 ndimaitenga mofanana.

Dzana ndinawonjezera kusunga `ETag`, kachidindo kamene kamasintha zam'yankho zikasintha, ya yankho lililonse. Mawa lake ndimaitumiza mu `If-None-Match`, ndipo ngati palibe chasintha, seva imangoyankha 304 popanda katundu. Ukatumiza ndi kiyi, 304 sichotsedwa pa malire ako. Ambiri mwa anzathu 120 aja satulutsa zatsopano tsiku lililonse (nanenso ndili m'gulu lomwelo), choncho usiku wathawu otsala anangotsika ndi 14.

Chimene chatsala ndi kusaka anthu atsopano ndi `location:Lusaka`. Kusaka kuli ndi mbale yakeyake, mapempho 30 pa mphindi ngakhale uli ndi kiyi, ndiye ndiyenera kuwerenga `x-ratelimit-resource` kuti ndisasakanize mawerengero awiriwa. Ndichita Loweruka, malaiti akalola.