Mmene ndinakonzera maimelo a sukulu yathu atasiya kulandira makalata

Ndimaphunzitsa makompyuta pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Salima, ndipo chifukwa cha udindo umenewu ndinapatsidwanso ntchito yosamalira maimelo a aphunzitsi ndi ogwira ntchito mu ofesi, omwe onse pamodzi ali ndi maakaunti 42. Domeni yathu, dzina lija limabwera pambuyo pa @ pa maadiresi athu, ili pa seva yobwereka imene timalipira pachaka, malo onse amene tinagula ndi 20 GB, ndipo zonse timaziyendetsera pa cPanel, tsamba loyang'anirirapo webusaiti ndi maimelo. Malo amenewa ndi a webusaiti ndi maimelo onse pamodzi. Mfundo imeneyi ndinkaidziwa, koma kulemera kwake ndinakumva sabata yoyamba ya teremu, pamene msungichuma anandipeza m'chipinda cha aphunzitsi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, makolo akuti atumiza masilipi a kubanki koma kuno sikukufika kalikonse." Kholo lina la ku Lilongwe linali litamutumizira pa foni chithunzi cha uthenga umene linabwezeredwa, ndipo mzere wofunika unali uwu:

```
552 5.2.2 Mailbox is full / Blocks limit exceeded / Inode limit exceeded
```

Nambala ya 5.2.2 imatanthauza kuti bokosi ladzaza, ndipo popeza nambala yoyambirira ndi 5, kukanako n'kotheratu: seva ya wotumiza siyesanso, kalatayo yabwerera basi. Ikanayamba ndi 4, seva ya wotumiza ikanasunga kalatayo n'kumayesabe kwa masiku angapo. Choncho ndinauza msungichuma nthawi yomweyo kuti alembe mayina a makolo onse amene adandaula, chifukwa ngakhale vutolo litatha, masilipi awo sakanabwera okha.

Chimene chinandisokoneza n'chakuti nditatsegula Email Accounts, bokosi la msungichuma linali ndi 310 MB yokha, pamene malire ake anali 1024 MB. Sikuti bokosi lake ndilo linadzaza ayi. Nditayang'ana Disk Usage pa tsamba loyamba la cPanel ndinapeza kuti 20 GB yonse yatha. Uthenga womwewo umatuluka pa mavuto awiri osiyana, bokosi la munthu mmodzi likafika pa malire ake kapena akaunti yonse ya sukulu ikadzaza, ndipo njira yosiyanitsira ndi yapafupi: ngati amene sakulandira ndi munthu mmodzi, vuto lili pa kota yake, malire a malo amene bokosi lake linapatsidwa, koma ngati ndi onse, musataye nthawi kukweza makota, chifukwa nkhokwe yomwe ndiyo yadzaza.

Ndinawonkhetsa mabokosi onse ndipo anangokwana pafupifupi 7 GB. Webusaiti inali ndi 2 GB. Zotsala, pafupifupi 11 GB, ndinazipeza m'bokosi limene palibe amene analitsegulapo, lija limakhala pamwamba pa mndandanda lokhala ndi chizindikiro cha System ndiponso dzina lolowera pa cPanel. Amene anakhazikitsa domeni zaka zapitazo anasiya Default Address ikuloza ku bokosi limenelo. Tanthauzo lake n'lakuti kalata iliyonse yolembedwa ku adiresi imene kulibe pa domeni yathu, kaya wolemba walakwitsa chilembo chimodzi kaya ndi makina a anthu otumiza sipamu amene amangopeka mayina zikwizikwi, seva inkailandira ndi manja awiri n'kuiponya mmenemo. Bokosi limeneli silikhala ndi kota yakeyake, malire ake ndi malo onse a akaunti, n'chifukwa chake linatha kudya malo a anthu onse mwakachetechete.

Sindinafufute zonse nthawi imodzi, ngakhale mtima unkafuna kutero. Ndinapita kaye kwa mphunzitsi wamkulu kukapempha chilolezo, popeza makalata amenewo ndi a sukulu, si anga. Atandilola, ndinagwiritsa ntchito Email Disk Usage, imene imalola kufufuta makalata potengera zaka kapena kukula kwake, ndipo ndinasankha amene apitirira chaka chimodzi. Ndinadutsira kumeneko dala, chifukwa kufufuta pa Webmail kumangosamutsira kalata ku Trash, ndipo pa seva yathu za mu Trash zimawerengedwabe ngati malo odyedwa, kuwonjezera apo malo akatheratu kusamutsako kumatha kukanika. Za pa Email Disk Usage zimapita osabwereranso, choncho ndinaonetsetsa kawiri kuti ndasankha bokosi loyenera ndisanadine. Malo okwana 8 GB anamasuka, ndinadzitumizira kalata kuchokera pa Gmail yanga, ndipo inafika.

Makalata a chaka chomaliza ndiwo ananditengera masana onse, ndipo apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake mnzanga uja anasiya khomo lotsegula. Pakati pa sipamu yosawerengeka panali makalata enieni a anthu amene anangophonya adiresi. Kholo lina linalemba `bursa@` m'malo mwa `bursar@`. Ena analemba `headmaster@` pamene ife tinali ndi `headteacher@`. Ambiri anagwa pa l ndi r, monga mmene timachitira tonse kuno, moti dzina ngati Phiri limatha kulembedwa Phili munthu osaona cholakwika chilichonse. Choipa kwambiri n'chakuti anthu amenewa sanalandire uthenga uliwonse wowauza kuti alakwitsa, popeza seva inavomera kalata yawo, ndipo ankakhala n'kumadikira yankho kuchokera ku bokosi limene palibe analiwerenga. M'kuona kwanga, adiresi yolandira chilichonse imene ilibe munthu woiwerenga tsiku ndi tsiku ndi yoipa kuposa kusakhala nayo n'komwe. Ndinalemba m'kope maadiresi olakwika amene ankabwerezedwa, ndipo anali asanu ndi awiri okha.

Maadiresi amenewa sindinawatsegulire mabokosi, ndinawasandutsa maeliyasi, kutanthauza maadiresi amene alibe bokosi lawolawo koma amangopatsira kalata ku bokosi lina. Pa cPanel amenewa amapangidwira pa Forwarders, sadya malo ndiponso safuna pasiwedi. Ena mwa amene ndinakonza ndi awa:

```
bursa@       -> bursar@
accounts@    -> bursar@
headmaster@  -> headteacher@
head@        -> headteacher@
postmaster@  -> ict@
```

Wa `postmaster@` ndinauwonjezera chifukwa malamulo a kayendedwe ka imelo amafuna kuti domeni iliyonse ilandire makalata pa dzina limeneli, ndipo kale unkagwira ntchito pokhapokha chifukwa chilichonse chinkalandiridwa. Pogwira ntchito imeneyi ndinapezanso msampha wina. Adiresi ya `exams@` inali ndi bokosi komanso inali pa Forwarders kupita kwa mphunzitsi woyang'anira mayeso. Zikakhala choncho, cPanel imapereka kalata kuwiri, ina imapita kwa munthuyo ndipo ina imatsala m'bokosi loyambalo. Mphunzitsiyo ankawerenga ndi kufufuta kwake, koma bokosi la `exams@` linkangokula, ndipo tsiku limene likanafika pa malire ake, otumiza akanayamba kulandira uthenga woti bokosi ladzaza ngakhale mwiniwake akuona kuti kwake kuli malo. Tinasamutsa makalata ofunika, ndinafufuta bokosilo n'kusiya eliyasi yokha. Ubwino wina wa njira imeneyi umaoneka mphunzitsi akasamutsidwa: ndimangosintha kumene eliyasi ikuloza, ndipo adiresi imene inasindikizidwa pa mapepala a sukulu imakhalabe yomweyo.

Aphunzitsi angapo anapempha kuti makalata awo azipita ku Gmail yawo. Ndinakana mwaulemu, chifukwa kalata yopatsiridwa imafika ku Gmail ikuchokera pa seva yathu pamene dzina la wotumiza ndi la domeni ina, zimene zingalepheretse kalatayo pa mayeso a SPF, amene amafufuza ngati seva yotumiza ili ndi chilolezo chotumiza makalata m'dzina la domeniyo, ndiponso sipamu iliyonse imene tingapatsire imadetsa mbiri ya seva yathu. M'malo mwake ndinawaikira maakaunti a sukulu pa mafoni awo kudzera pa IMAP, njira imene foni imawerengera makalata ali pa seva.

Maeliyasi atayamba kugwira ntchito m'pamene ndinatseka khomo lija. Pa Default Address ndinasankha njira yokana kalata nthawi yomweyo ndi uthenga wopita kwa wotumiza, imene imalembedwa `:fail:`. Pali inanso, `:blackhole:`, imene imalandira kalata n'kuitaya mwakachetechete, ndipo imaoneka yokopa chifukwa nayonso sidya malo, koma imabwezeretsa vuto lomwe lija la kholo lodikira yankho losabwera. Ndi `:fail:`, amene walemba `bulsar@` amabwezeredwa kalata yake m'masekondi ochepa ndipo amayang'ananso adiresi. Ndondomeko yake ndi yofunika, chifukwa ndikanatseka kaye ndisanapange maeliyasi, makolo amene anazolowera `accounts@` akanabwezedwa tsiku lomwelo.

Chotsala chinali makota, mawu amene aphunzitsi ena atangowamva anakumbuka za kasankhidwe ka ophunzira a ku yunivesite n'kuyamba kuseka. Poyamba aliyense anali ndi 1024 MB, kutanthauza 42 GB yolonjezedwa pa malo a 20 GB, ndipo cPanel sikuchenjeza munthu akamagawa zoposa zimene ali nazo. Ndinayambira kumapeto: pa 20 GB ndinachotsa 2 GB ya webusaiti ndi 3 GB yosiya padera, n'kutsala 15 GB, yomwe ndi 15360 MB. Mabokosi asanu a maofesi, omwe ndi a mphunzitsi wamkulu, wachiwiri wake, msungichuma, mlembi ndi woyang'anira mayeso, ndinawasiyira 1024 MB lililonse, pamodzi 5120 MB. Otsala 37 ndinawapatsa 250 MB aliyense, pamodzi 9250 MB. Zonse zinakwana 14370 MB, kotero kuti ngakhale onse atadzaza mabokosi awo tsiku limodzi, akaunti ya sukulu siingadzaze, ndipo wosasamala amadzitsekera yekha osatsekera anzake.

Ndisanatsitse kota iliyonse ndinayang'ana zimene munthuyo ali nazo kale, chifukwa kuika 250 MB pa bokosi limene lili ndi 400 MB sikufufuta kanthu koma kumaliletsa kulandira nthawi yomweyo. Aphunzitsi anayi anali pamwamba pa malire atsopanowo, ndipo nditakhala nawo pansi tinapeza kuti zambiri zinali mu Sent, osati mu Inbox. Mmodzi wa iwo anandifunsa kuti, "Nanga zimene ndatumiza kwa ena zikudyanso malo anga bwanji?" Ndinamuonetsa ndandanda ya maphunziro imene anaisikana n'kuitumiza kwa tonse. Fayiloyo inali ya 6 MB, koma ikaikidwa mu imelo imakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha mmene imasinthidwira kukhala zilembo, n'kukhala 8 MB, ndipo itagwera m'mabokosi 42, kuphatikizapo Sent yake, inadya 336 MB. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti mafayilo opita kwa aphunzitsi onse aziikidwa malo amodzi, m'kalata muzikhala linki yokha.

Lachisanu lililonse ndimatsegula Track Delivery n'kuyang'ana makalata amene akanidwa. Ambiri amakhala mayina opeka ndipo ndimawasiya, koma adiresi yooneka ya munthu weniweni ikabwerezedwa kawiri kapena katatu ndimaipangira eliyasi. Ya sabata yatha inali `admission@`, yopanda s kumapeto, ndipo tsopano ikupita kwa mlembi.