Zikomo nonse amene munatigwira dzanja pa kanema wa Tadala

Kanema wathu wa mphindi 6 uja watha, ndipo ndati ndithokoze pagulu amene anavutikira limodzi nane polemba nkhani yake. Ndi nkhani ya Tadala, mtsikana wa ku Kawale amene wachotsedwa ntchito pa ofesi ina ku City Centre.

Zikomo achimwene amene mumagwira ntchito yoyang'anira antchito. Munaumirira kuti kalata yochotsedwa ntchito ioneke yeniyeni, chifukwa oonera ambiri anailandirapo. Munatifotokozera kuti pa lamulo la ntchito la 2000, monga linasinthidwira mu 2010, munthu wochotsedwa chifukwa choti kampani ikuchepetsa antchito amapatsidwa malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu, m'zaka 5 zoyambirira. Tadala wagwira zaka 3 akulandira K240,000 pamwezi, ndiye zake ndi pafupifupi K360,000. M'kanemamo mumuona atakhala pamkeka, akuwerengera kuseri kwa envulopu: lendi, chakudya, fizi ya mchemwali wake. Salankhula kanthu, koma mantha ake akuonekera pa cholembera chomwe chikunjenjemera.

Amayi a Mvano amene munawerenga masamba onse 6, Ambuye akudalitseni. Tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi m'kanema, choncho pemphero lodzaza tsamba lonse likanasanduka ulaliki, anthu n'kudumpha kukaona zina. Inu munati, "Mwanangu, munthu wosweka mtima sapemphera ngati ali paguwa." Tinasiya mizere itatu yokha, ndipo wachiwiri Tadala saumaliza n'komwe. Ndime ya Afilipi 4:6-7 saiwerenga mokweza. Baibulo lili chotsegukira pambali pa envulopu ija.

Pa mathero panali mkangano. Anzathu angapo ankafuna kuti akangoti Amen foni ilire, amuitanire ntchito yatsopano. Ndinakana, ndipo abusa munaima nane. Foni ikalira, woonera amene wapemphera chaka chonse ntchito osaipeza aziti Mulungu amakondera. Komanso tikanaonetsa mwayi chabe, pomwe nkhani yathu ndi ya mtendere. Mtenderewo tinauika m'zinthu zooneka ndi maso. Usiku woyamba Tadala akungotembenuka, nsima yazizira m'mbale. Atapemphera akugona mpaka kucha. Mayi ake akaimba kuchokera kumudzi amangoiyang'ana foni. Kumapeto akuyankha n'kuwauza zoona, kuti ntchito inatha.

Wojambula wathu, pepa ndi phokoso la ku depoti. Mawu onse a pamenepo anamira m'kukuwa kwa oitanira ma minibasi, mpaka tinakajambulanso mawuwo m'chipinda, titakhoma mabulangete m'makoma. Mayi amene munatibwereka nyumba, magetsi atathima munatiyatsira kandulo, ndipo gawo la pemphero linakoma kuposa mmene ndinalembera.

Tionetsa kanemayu Lamlungu likudzali mapemphero akatha. Achinyamata, mubwere msanga mudzatithandize kusanja mipando.